Vidiyo ya ukwati: mtengo wake umachokera pa pulogalamu ya tsikulo

Komiti ya ukwati ikakhala pansi kugawa ndalama, nkhani ya vidiyo imakonda kubwera kumapeto, holo, chakudya, zokongoletsa ndi magalimoto zitatenga kale gawo lawo. Kenako wina amatumidwa kuti aimbire wojambula, ndipo funso limakhala limodzi lokha: "Mumatchaja zingati kujambula ukwati?" Wojambula amene amadziwa ntchito yake sayankha pomwepo. Amayamba wafunsa kuti mkwatibwi akavalira kuti, mkwati akanyamukira kuti, mwambo wa ku tchalitchi ukayamba nthawi yanji, ndiponso kuti banjalo likufuna kudzalandira chiyani pamapeto pake. Ena amaona ngati akuzemba funso, koma mafunso amenewa ndi amene amabala mtengo. Pulogalamu ya tsikulo imasonyeza zimene ziyenera kujambulidwa, zojambulidwazo zimasonyeza anthu ofunika pa ntchitoyo, ndipo anthu ndi masiku ogwira ntchito ndiwo amapereka mtengo ndi tsiku lolandirira vidiyo. Mukalumpha sitepe imodzi pamenepa, mkangano umakudikirani ukwati ukatha.

Tiyeni titsatire ukwati umodzi wachitsanzo mumzinda wa Blantyre, wochitika Loweruka. Mkwatibwi akuvalira kwa azakhali ake ku Chilomoni, mkwati akunyamukira ku Bangwe, tchalitchi chili ku Limbe ndipo mwambo uyamba 9 koloko. Zithunzi za m'munda wa maluwa zili masana, phwando liyamba cha m'ma 2 koloko mu holo ina ku Namiwawa n'kutha dzuwa likupendeka.

Kuyala tsikulo papepala

Chinthu choyamba chimene pulogalamu imeneyi ikuulula n'chakuti Chilomoni ndi Bangwe zili mbali zosiyana za mzinda. Munthu mmodzi sangajambule mkwatibwi akuvekedwa velo, n'kuthamangira ku Bangwe kukajambula mkwati akumanga tayi, n'kukafikanso ku Limbe nthawi isanakwane kuti atchere zida. Choncho mtengo usanatchulidwe n'komwe, banja likhala litasankha: kukhale ojambula awiri, kapena kukonzekera kwa mkwati kusaoneke mu vidiyo.

Wojambula amalemba nthawi mobwerera m'mbuyo kuchokera pa ola la ku tchalitchi. Ngati mwambo uyamba 9 koloko, kamera imodzi iyenera kukhala itaima pamalo pake pofika 8:15, chifukwa pali kumangirira maikolofoni, kuyesa mawu ndi kupereka moni kwa abusa. Ndiye kuti wochokera ku Bangwe anyamuke ndi mkwati kapena amutsogolere, pamene wa ku Chilomoni atsale ndi mkwatibwi mpaka atakwera galimoto. Kuti ajambule tsitsi, diresi lisanavalidwe, nsapato, mphete ndi pemphero la makolo, afike kunyumbako 6 koloko. Tsiku la ntchito likhala la maola khumi ndi awiri kapena kuposerapo, ndipo maola amenewa alembedwe, pamodzi ndi mtengo wa ola lililonse lowonjezera, chifukwa maukwati athu sachedwa kusuntha ndi ola lathunthu.

Dzuwa nalo lili ndi pulogalamu yake. Kuno kwathu m'mwezi wa Juni limalowa isanakwane 5:30 madzulo, m'Disembala limafika cha m'ma 6 koloko, ndipo likangolowa mdima suchedwa. Ngati akwati akufuna zithunzi za kuwala kofewa kwa madzulo, ayenera kubedwa paphwando kwa mphindi khumi ndi zisanu isanakwane 5 koloko, ndipo woyendetsa mwambo adziwiretu. Dzuwa la masana ndi lovuta: diresi loyera limawala mpaka maluwa osokedwapo osaoneka, pamene nkhope zimada ndipo maso amalowa mumthunzi. Wojambula wabwino amafunafuna mthunzi wa mtengo kapena khonde, ndipo n'chifukwa chake amakayendera malowo sabata isanafike. Ukwati wa pakati pa Novembala ndi Epulo umafunanso malo ena ofolera osankhidwiratu, mvula ikabwera.

Mndandanda wa zojambula

Mndandanda wabwino susanja zinthu zonse mofanana. Umayamba ndi zinthu zimene sizibwerezedwa. Mphete ili patebulo mukhoza kuijambula kasanu mpaka ikongole, koma mkwati akatchula malonjezo ake watchula basi, ndipo palibe amene angauze abusa kuti ayambirenso. Pa ukwati wathu wachitsanzo, zosabwerezedwazo ndi izi: kulowa kwa mkwatibwi ndi womuperekeza, kuvundukula velo, malonjezo, kuvekana mphete, kusainira mtchatho pamodzi ndi ankhoswe, kutuluka m'tchalitchi, kulowa mu holo kwa operekeza akwati ndi magule amene akhala akuyeserera kwa milungu, mawu a makolo a mbali zonse ziwiri, ndi kudula keke. Pambali pa chilichonse, wojambula amalemba dzina la amene adzachijambule ndi pamene adzaime.

Tengani malonjezo. Kamera yoyamba imaima chapambali kutsogolo, kuyang'ana nkhope ya mkwatibwi modutsa paphewa la mkwati. Yachiwiri imaima mbali inayo kuyang'ana mkwati, kapena kumbuyo pa choimikira cha miyendo itatu, kutenga guwa lonse. Ubwino wake umaoneka pamene azakhali aimirira ndi foni yawo pakati pa kanjira, nsana wawo n'kudzaza kamera imodzi. Pokonza vidiyo, masekondi amenewo amatengedwa ku kamera inayo, mawu osaduka. Pakakhala kamera imodzi yokha, nsana wa azakhaliwo ndiwo udzaonedwa ndi adzukulu.

Malamulo a tchalitchi afunsidwe kusanafike tsikulo. Mipingo ina silola wojambula kukwera paguwa, ina silola nyali yowala kapena kuyendayenda pa nthawi ya ulaliki ndi mapemphero. Ukwati wa Misa ku Katolika umatenga nthawi yaitali kuposa mwambo wa mipingo ina, ndipo makamera ena ojambulira zithunzi, makamaka akale, amasiya okha kujambula vidiyo akafika mphindi 30. Wodziwa kamera yake amaimitsa n'kuyambiranso pa nthawi ya nyimbo, osadikira kuti idzazime pakati pa malonjezo.

Gawo lachiwiri la mndandanda ndi la anthu. Wojambula sadziwa kuti gogo wovala mpango wobiriwira uja ndi amene analera mkwatibwi, kapena kuti bambo wakhala phee pakona uja wachokera ku Joni chifukwa cha tsikuli. Banja limupatse mayina a anthu khumi kapena khumi ndi asanu amene sayenera kusowa, ndipo pakhale wachibale mmodzi wowaloza. Madandaulo ambiri a vidiyo ya ukwati sakhudza ukatswiri wa kamera ayi. Amakhala akuti, "Amalume sakuonekamo."

Perekaniperekani amafuna chigamulo chake. Akhoza kutenga maola awiri kapena atatu, magulu akuitanidwa limodzilimodzi: akuchikazi, akuchimuna, akumpingo, akuntchito, anzawo a kusukulu. Gulu lililonse limafuna kudzadziona likuvina n'kufupa, koma ndi ochepa amene angakhale pansi kuonera maola atatu a ndalama zikugwera m'mbale. Njira yabwino ndiyo kujambula zonse ndi kamera yoima, n'kuika mu vidiyo yaikulu mphindi imodzi kapena ziwiri za gulu lililonse, kuyambira pamene woyendetsa mwambo walitchula. Banja likafuna perekaniperekani yense, amaperekedwa payekha osadulidwa. Chinkhoswe, ngati chilipo tsiku lina, ndi ntchito ina yokhala ndi mndandanda wake ndi mtengo wake, ndipo chisamangoponyedwa mkati ngati basera.

Mawu ndi magetsi

Anthu amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma vidiyo imene malonjezo ake sakumveka amaizimitsa. Maikolofoni ya pakamera imatola chilichonse chapafupi: mwana wolira, mpando wokokedwa, ndi mawu a sipika obwerera kuchokera kukhoma. N'chifukwa chake mkwati amavekedwa kamaikolofoni kakang'ono pakolala ya jekete, kamene kamatolanso mawu a mkwatibwi ndi a abusa popeza amaima moyandikana. Kuholo, kachipangizo kojambulira mawu kamalumikizidwa ku mikisa ya wazoimbira, kuti mawu a makolo abwere oyera. Koma chingwecho sichokwanira pachokha. Wazoimbira akakweza nyimbo, mawu olowa m'kachipangizoko amasweka n'kumalira ngati wailesi yotha mabatire, ndipo mawu osweka sakonzeka bwinobwino pa kompyuta. Chizindikiro chake chimaoneka pomwepo: timizere toyezera mawu timagunda pamwamba n'kufiira. Pafunika munthu wovala mahedifoni amene azimvetsera n'kutsitsa.

Magetsi akazima, mikisa imazima nawo mpaka jenereta italira, choncho kamaikolofoni ka batire kamakhala kachiwiri kodalirika. Palinso nkhani ya mizere yothamanga pachithunzi mu holo. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mababu ena amaphethira motsatira liwiro limenelo ngakhale maso sationetsa. Kamera yotcheredwa monga za ku America, pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, imatola kuphethirako. Kuno imatcheredwa pa `25p` kapena `50p`, liwiro la chitseko chake n'kukhala `1/50` kapena `1/100`. Jenereta yosakhazikika ikhoza kubweretsabe mizereyo, ndiye wojambula amayang'anitsitsa pagalasi la kamera magetsi akangosinthidwa.

Anthu atatu ndi ntchito zawo

Pa ukwati wathuwu, pulogalamu ndi mndandanda zatipatsa anthu atatu. Wojambula wamkulu amatsata mkwatibwi kuyambira ku Chilomoni, ndipo ndiye amalankhula ndi banja, abusa ndi woyendetsa mwambo. Wachiwiri amayambira ku Bangwe, amatchera zida ku tchalitchi, ndipo pa mwambo amatola nkhope za anthu: mayi akupukuta misozi, kwaya, ana onyamula maluwa. Wachitatu sagwira kamera kawirikawiri, koma ndiye amasamala mawu, amasintha ndi kutchaja mabatire, amasunga makhadi odzaza m'thumba lake lokha, amanyamula nyali, ndiponso amayang'anira zikwama pamene anzake ali pakati pa anthu. Paphwando la anthu mazana, chikwama cha magalasi a kamera chosiyidwa pansi pa tebulo chikhoza kuyenda.

Wojambula zithunzi amakhala wa gulu lina nthawi zambiri, ndipo awiriwa akapanda kugwirizana amatsekerezana. Mphindi zisanu zokambirana m'mawa, kuti wina aima kumanzere wina kumanja ndipo palibe wodutsa kutsogolo pa nthawi ya mphete, zimapulumutsa ntchito ya onse. Kandege kojambulira m'mwamba kamakometsa chithunzi cha tchalitchi ndi mdipiti wa magalimoto, koma kamafuna woyendetsa wake, chilolezo cha oyang'anira za ndege, ndipo sikaulutsidwa pafupi ndi bwalo la ndege monga la Chileka. Kamangopereka masekondi ochepa mu vidiyo yonse. Ndalama zikachepa, ndiko koyamba kuchotsa, maikolofoni isanakhudzidwe.

Kuwerengera mtengo

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti njira yake ioneke. Aliyense aikepo mitengo ya kwawo ndi ya nthawi yake.

- Tsiku limodzi lokonzekera, kukumana ndi banja ndi kuyendera malo: K60,000
- Wojambula wamkulu pa tsiku la ukwati: K150,000
- Wojambula wachiwiri: K100,000
- Wothandizira wa mawu ndi zida: K50,000
- Kutha kwa zida kapena kuzibwereka: K120,000
- Galimoto ndi mafuta: K80,000
- Chakudya, madzi ndi mayunitsi: K30,000
- Mafulashi awiri ndi malo osungira zojambulidwa: K50,000
- Masiku 6 okonza vidiyo pa kompyuta, K60,000 patsiku: K360,000

Zonse pamodzi zikukwana K1,000,000. Pamwamba pake wojambula amaikapo magawo 20 pa 100 alionse, a phindu ndi zogwa mwadzidzidzi monga tayala kuphulika kapena batire kufa, ndipo mtengo wouza banja ukhala K1,200,000.

Mizere iwiri pamenepa ndi imene ojambula ongoyamba kumene amaiwala. Woyamba ndi wa zida. Munthu amati kamera ndi yangayanga, sindilipira kanthu, kuiwala kuti ikutha. Ngati makamera, magalasi, maikolofoni, nyali ndi kompyuta zinadya K7,200,000 ndipo zitumikira zaka zitatu, pa maukwati 20 pachaka, ndiye kuti maukwati 60 agawane ndalamazo, uliwonse K120,000. Wosaika ndalama imeneyi pambali amadzazindikira kamera itafa alibe pogulira ina. Ndipo popeza zida zimenezi zimachokera kunja, mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo amene anali atalonjeza mitengo ya maukwati a chaka chotsatira anaumirira pa ndalama imene sinalinso yokwana. N'chifukwa chake pepala la mtengo lizinena kuti likugwira ntchito masiku 30, ndipo mtengo umamangika pokhapokha dipoziti italipidwa.

Mzere wachiwiri ndi wa kukonza vidiyo, umene pachitsanzochi ukuposa malipiro a anthu onse atatu a pa tsikulo ataphatikizidwa. Banja siliona ntchito imeneyi, choncho limaganiza kuti likulipira Loweruka lokha. Koma makamera awiri ojambula maola asanu iliyonse amabweretsa maola khumi, ndipo kungoonera zimenezo kamodzi kumadya tsiku lathunthu ndi kanthu. Tsiku loyamba limapita pa kusanja ndi kugwirizanitsa mawu a maikolofoni ndi milomo ya pachithunzi. Lachiwiri ndi lachitatu ndi a vidiyo yaikulu ya ola ndi theka. Lachinayi ndi la vidiyo yaifupi ya mphindi zisanu, imene imavuta kuposa mmene kufupika kwake kumaonetsera, chifukwa sekondi iliyonse imasankhidwa. Lachisanu ndi lolinganiza mitundu, kuti khungu la mkwatibwi lisaoneke mwina pa kamera iyi ndi mwina pa inayo, ndiponso kusalaza mawu. Lachisanu ndi chimodzi ndi lotulutsa, kuonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi kukonza zimene banja lapempha.

Tsono bwanji komiti ikati ili ndi K800,000 yokha? Wojambula asangotsitsa mtengo ntchito ili yomweyo, chifukwa ndalama yochotsedwayo idzatuluka penapake mwakabisira: wachiwiri adzakhala mphwake wosadziwa kamera, kapena vidiyo idzagona miyezi. Achotse ntchito poyera. Akachotsa wojambula wachiwiri apulumutsa K100,000, zida zitsika ndi K60,000, ndipo masiku okonza akhala atatu m'malo mwa asanu ndi limodzi popeza zojambulidwa zachepa ndipo vidiyo yaifupi palibe, zomwe zichotsa K180,000. Zotsala ndi K660,000, ndipo ndi phindu lija zikwana K792,000. Banja liuzidwe chimene lataya: ku Bangwe sikujambulidwa, malonjezo aoneka mbali imodzi, ndipo wina akatsekereza kamera palibe pothawira. Likavomera likudziwa, palibe wonyengedwa.

Kalipiridwe kamayenda bwino m'magawo atatu. Theka, K600,000, limalipidwa posungitsa tsiku, chifukwa wojambula akukana maukwati ena a Loweruka lomwelo. K360,000 imabwera kutatsala sabata, kuti anthu ake, galimoto ndi zobwereka zilipiridwe. K240,000 yotsala imaperekedwa polandira vidiyo. Gawo lomalizali limateteza banja, popeza wojambula ali ndi chifukwa chomalizira ntchito. Magawo oyambawo amateteza wojambula ku mawu odziwika aja akuti "tidzakupatsani za perekaniperekani zikawerengedwa", pamene ndalamazo zili kale ndi eni ake ambiri. Kaya ndalama yadutsa pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, lisiti lilembedwe ndipo uthenga wake usungidwe.

Kuchokera usiku wa ukwati mpaka fulashi ili m'manja

Ntchito yoyamba imachitika usiku womwewo, munthu asanagone: makhadi onse amakoperedwa malo awiri osiyana, ndipo safufutidwa mpaka makope onse atatsegulidwa n'kuyesedwa. Kukula kwa zojambulidwa kumadalira mmene kamera yatcheredwera. Pa `1080p` ya 50 Mbps, ola limodzi limadya pafupifupi 22 GB, choncho maola khumi aja ndi 225 GB. Pa `4K` ya 100 Mbps zimawirikiza kufika 450 GB, ndipo makope awiri ayandikira 1 TB. Amene akufuna `4K` adziwe kuti akulipirira malo osungira ndi kompyuta yamphamvu, pamene ambiri mwa achibale adzaonera pafoni.

Ndondomeko yabwino pa chitsanzo chathu ndi iyi. Pakatha sabata imodzi, banja limalandira kavidiyo ka mphindi imodzi kotumizira abale, nkhani ya ukwati ikadali m'kamwa mwa anthu. Pakatha masabata anayi limaona vidiyo yonse yosamalizidwa, ndipo limapatsidwa masiku asanu ndi awiri kuti litumize zofuna kusintha, zonse pa pepala limodzi, kudzera mwa munthu mmodzi, chilichonse ndi mphindi yake: "pa 42:10 dzina la ankhoswe lalakwika". Pa sabata lachisanu ndi chimodzi ntchito imaperekedwa. Kusintha kamodzi kumakhala mkati mwa mtengo, kwachiwiri kumalipiridwa, apo ayi vidiyo siidzatha, popeza mlamu aliyense ali ndi maganizo ake.

Wina angafunse chifukwa chodikirira masabata asanu ndi limodzi pa ntchito ya masiku asanu ndi limodzi. Yankho lili pa mzere wa maukwati. M'nyengo imene maukwati amachuluka, wojambula amakhala ndi ntchito Loweruka lililonse. Pakati pa Loweruka ndi linzake pali masiku asanu ogwira ntchito, koma ukwati uliwonse ukufuna asanu ndi limodzi, osawerengera tsiku lokonzekera wotsatira ndi maola otayika magetsi akazima. Sabata iliyonse amatsalira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakatha miyezi itatu ngongole ya masiku yaunjikana. Umu ndi mmene vidiyo yolonjezedwa "sabata ziwiri zokha" imafikira mwana woyamba atabadwa. Choncho funso lothandiza kwa wojambula ndi lakuti, "Muli ndi maukwati angati amene simunapereke, ndipo amakonza ndani?" Wokhala ndi mnzake womuthandiza kukonza, kapena wokana maukwati ena kuti apume, ndiye amasunga tsiku limene walonjeza.

Nyimbo zoika mu vidiyo zikambidwe msanga. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo kuno kwathu bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za umwini wa ntchito za oimba. YouTube ndi Facebook zimazindikira zokha nyimbo zambiri zotchuka, ndipo zikhoza kutseka mawu a vidiyo kapena kuitsekereza kuti isaonedwe. Kavidiyo kopita pa intaneti kaikidwe nyimbo imene wojambula ali ndi chilolezo chake, kapena kayende ndi mawu enieni a tsikulo: malonjezo, nthungululu ndi kuseka kwa anthu.

Pa tsiku lolandira, fulashi iyesedwe pa TV, osati pa laputopu ya wojambula yokha. Fayilo ya `MP4` imaseweredwa pa zipangizo zambiri, koma pali msampha umodzi. Fulashi yokonzedwa mwa `FAT32` silandira fayilo yoposa 4 GB, pamene vidiyo ya ola ndi theka yotulutsidwa pa 10 Mbps imafika pafupifupi 7 GB. Kuisintha kukhala `exFAT` kumathetsa vutolo, koma ma TV ena akale saiwerenga. Zikatero vidiyo imagawidwa pawiri, ya ku tchalitchi payokha ndi ya kuphwando payokha. Yotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi imafinyidwa n'kutaya ubwino wake, choncho isatengedwe ngati kope losunga.

Pepala limodzi losainirana

Zonsezi zimakwana pa tsamba limodzi. Lilembe tsiku, malo onse ndi maola ogwira ntchito, chiwerengero cha ojambula, ndiponso ngati amene mwakambirana nayeyo adzabwera yekha kapena adzatuma wina, zimene zidzaperekedwe ndi kutalika kwake, masiku operekera, magawo a malipiro, ndi chimene chidzachitike ku dipoziti ukwati ukasunthidwa chifukwa cha maliro kapena matenda, zomwe zimachitika m'mabanja athu. Linenenso ngati wojambula akuloledwa kuonetsa vidiyoyo potsatsa malonda ake, ndi miyezi imene adzasunge zojambulidwa zonse asanazifufute, kaya isanu ndi umodzi kaya khumi ndi iwiri.

Musanasaine, pemphani kuonera vidiyo yathunthu ya ukwati wina umene anajambula, osati kakafupi kokometsedwa ndi nyimbo. Pitani molunjika pa malonjezo ndi pa mawu a makolo, mutseke maso, mumvetsere. Ngati liwu lililonse likumveka, yang'ananinso mu holo ngati nkhope zikuoneka bwino ndipo mizere palibe. Malo awiri amenewa amaulula luso la munthu kuposa mtengo umene watchula. Ndipo fulashi ikafika, koperani vidiyoyo tsiku lomwelo pa kompyuta kapena pa intaneti, ina mukasiye kwa makolo, chifukwa miyezi yosungira ija ikatha wojambula adzafufuta zake kuti apeze malo a ukwati wina.